Ndingabise bwanji nthawi yomwe ndili pa WhatsApp kwa anthu ena okha?

Wofunsa, wa ku Chilomoni: Moni nonse a m'gulu lino. Ndimagwira ntchito pa ofesi ina ku Ginnery Corner, ndipo abwana anga amakonda kutumiza mauthenga a ntchito usiku. Ndikapanda kuyankha, m'mawa mwake amandiuza kuti anandiona ndili pa WhatsApp cha m'ma 10 koloko. Kubisira aliyense sindingathe, chifukwa amayi anga ku Thyolo amayang'ana pansi pa dzina langa madzulo alionse, ndipo akaona nthawi yomwe ndinatsegula komaliza mtima wawo umakhala m'malo podziwa kuti ndafika bwino kunyumba. Sabata yatha ndinalowa pa Last seen and online, ndinasankha My contacts except... n'kuchonga dzina la abwanawo, koma Lachiwiri anenanso mawu omwewo. Kodi ndalakwitsa pati?

Bambo wa ku Ndirande: Achemwali, ingotsekani nambala yawoyo mukaweruka, m'mawa muzikaitsegulanso.

Wofunsa: Zikomo achimwene, koma pamenepo mauthenga omwe angatumize usikuwo sangandipeze n'komwe, pomwe ine ndikufuna kuti azifika ndithu, ndiziwawerenga kukacha.

Wokonza mafoni ku Limbe: Mayi, njira yomwe munatenga ndi yolondola, kungoti munalekezera pakati. Patsamba lomwe munalowalo pali mafunso awiri. Lapamwamba, Who can see my last seen, ndi la nthawi yomwe munatsegula komaliza, ndipo limenelo munayankha bwino. Lapansi, Who can see when I'm online, ndi la mawu aja oti online omwe amaoneka pamene mwatsegula WhatsApp nthawi yomweyo, ndipo lili ndi mayankho awiri okha: Everyone ndi Same as last seen. Ngati simunalikhudze, lidakali pa Everyone, choncho abwana anu saonanso nthawi yomaliza ija, koma akatsegula macheza anu inu muli mkati akulembera munthu wina, amakuonani bwinobwino. Bwererani pa Settings, kenako Privacy, kenako Last seen and online, ndipo pa funso lapansilo musankhe Same as last seen, kuti mndandanda wa anthu omwe munawachonga ugwire ntchito ponse pawiri.

Muonenso ngati abwanawo ali ndi nambala ziwiri, monga ambiri a ife tili ndi ya TNM ndi ya Airtel. Ngati zonse zili pa WhatsApp ndipo munazisunga m'foni, muyenera kuchonga zonse ziwiri. Kuti mutsimikize, chongani kaye nambala ya mnzanu yemwe mwakhala naye pafupi, mutsegule WhatsApp, iye ayang'ane pa foni yake. Pansi pa dzina lanu pasaoneke nthawi kapena mawu oti online.

Mayi wa ku Bangwe: Ine ndinangozimitsa Read receipts ndipo zonse zinabisika.

Wokonza mafoni: Pamenepo mwabisa tizizindikiro tabuluu toonetsa kuti mwawerenga, osati zomwe akufunsa mayiwa. Komanso zimenezo sizisankha munthu, mukazimitsa mwazimitsira onse, ndipo m'magulu zimaonekabe kuti mwawerenga.

Telala wa ku Zingwangwa: Langa ndi chenjezo. Nditasankha My contacts except... pofuna kubisira mlamu wanga, makasitomala awiri anadandaula kuti sakudziwanso ngati ndilipo. Ndinazindikira mochedwa kuti aliyense yemwe nambala yake sindinasunge amakhala kunja, ngakhale tizilemberana tsiku ndi tsiku. Choncho mayi, onetsetsani kuti nambala yomwe amayi anu amagwiritsa ntchito ndi yosungidwa m'foni mwanu, makamaka ngati nthawi zina amabwereka foni ya mdzukulu.

Wofunsa: Ndapezadi kuti funso lapansilo linali pa Everyone, ndipo ndasintha. Tayesa ndi mnzanga wa mu ofesi, kwa iye sindikuonekanso. Koma kodi abwanawo angadziwe kuti ndawabisira?

Wokonza mafoni: Palibe uthenga womwe amalandira. Inunso simudzaona nthawi yawo yomaliza, chifukwa WhatsApp imabweza zomwe mwachitira mnzanu. Komabe zinthu zina zimatsala poyera. Tizizindikiro tiwiri totuwa tidzaonetsabe kuti uthenga wafika pa foni yanu, mukayamba kuwalembera adzaona kuti mukulemba, ndipo mukayankha pa gulu la ku ofesi usiku womwewo, nthawi ya uthengawo aliyense adzaiona.

Mayi wa ku Bangwe: Nanga akayang'ana pa foni ya wogwira naye ntchito wina, n'kuona kuti kumeneko mayiwa akuoneka?

Wofunsa: Limenelo ndi lomwe likundisowetsa mtendere tsopano. Mu ofesi tilipo asanu ndi mmodzi, ndipo awiri mwa iwo ndi anzanga omwe timakwerera limodzi minibasi, omwe sindikufuna kuwabisira. Sindinaganizebe ngati ndichonge onse kapena ndisiye momwe zilili. Alipo amene anakumanapo ndi zotere pa ntchito?