Wophunzira wanga watsatira chojambula cha injini, koma mawasha a thirasiti alowa chotembenuza

Mwini galaja: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru chifukwa mtima wandikwera. Ndakhala ndikuphunzitsa mnyamata wanga kuwerenga chojambula cha zipangizo za injini, chija chimene chimaonetsa chilichonse chitamwazidwa pachokha. Tinayala zitsulo zonse za pansi pa buloko patebulo motsatira mzere wodukizadukiza, ndipo ndinamusonyeza kuti nambala ya pachithunzi imangokulozera pa mndandanda pomwe pali nambala yeniyeni yogulira. Anamvetsa bwino, choncho ndinamusiya kuti amange yekha kirankishafuti. Ndisanatseke sampu ndamasula kapu yachitatu, ndipo ndapeza mawasha a thirasiti, aja oletsa kirankishafuti kusuntha kwambiri kutsogolo ndi kumbuyo, onse awiri tingalande ta oyilo titayang'ana kubuloko. Iye akuti chojambulacho sichikusonyeza nkhope yoyenera, ndipo nditachiyang'ananso ndaona kuti sakunama. Ndimuphunzitse bwanji zimene pepala silinena?

Mkulu wa mathirakitala: Achimwene, vuto ndi pepalalo. Ife tinaphunzira pomasula injini ndi manja, tikuyala chilichonse monga mmene chatulukira, ndipo palibe amene ankatembenuza washa. Mulandeni chojambulacho.

Makaniko wa timagalimoto: Ingomuphunzitsani kuyeza. Aike dayogeji kumphuno kwa kirankishafuti, akankhe shafutiyo kutsogolo ndi kumbuyo ndi sikuludiraiva, ndipo ngati chilipo cholakwika geji inena. Pa injini zambiri zazing'ono mpata wa kusuntha kwa shafutiku umakhala pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.25, koma aone buku la injini yakeyo.

Mphunzitsi wa zaumakaniko: Kuyezako n'kofunika, koma pa nkhani iyi geji ikanakunamizani, bambo. Washa watsopano ndi wonenepa chimodzimodzi kaya mwamuika molondola kaya mwamutembenuza, choncho mpata ukanatuluka wabwinobwino. Vuto limadzaoneka galimoto itayenda. Nkhope ya tingalande ndiyo ili ndi chitsulo chofewa cha beringi, ndipo iyenera kuyang'ana tsaya la kirankishafuti limene limazungulira, kuti oyilo azilowa pakati pawo. Mukatembenuza, msana wolimba wa washa ndiwo umakhuzana ndi shafuti popanda oyilo wokwanira, ndipo nthawi iliyonse dalaivala akaponda kilatchi shafutiyo imakankhidwira kutsogolo n'kumadyeka. Pamapeto pake mudzaona pule ya kutsogolo ikusuntha munthu akaponda kilatchi, injini ikutsika mphamvu pa aidulo, ndipo nthawi zina washa amagwera musampu, shafuti n'kuyamba kudya buloko.

Chimene mnyamatayo ayenera kumva n'chakuti chojambula cha m'buku logulira zipangizo chimayankha mafunso atatu okha: n'chiyani, n'zingati, ndipo chimatsatana ndi chiyani. Nkhope, mphamvu yomangira mabawuti ndi ndondomeko yake zili m'buku lokonzera. Pamene mabuku onse ali chete, afunse chitsulocho kuti chimakhuzana ndi chiyani ndipo oyilo amachifikira podzera pati. Funso lomwelo limamuthandiza pa maberingi aakulu, chifukwa pachithunzi theka la pamwamba ndi la pansi amaoneka ofanana, pomwe pa injini zambiri la pamwamba ndilo lili ndi bowo ndi ngalande. Akasinthanitsa watseka njira ya oyilo yochokera mubuloko.

Mkulu wa mathirakitala: Aphunzitsi, mwandivomereza osadziwa. Ngati mukuti afunse chitsulo, ndiye kuti pepala lilibe ntchito.

Makaniko woyendayenda: Zoterezi zinandipeza pa injini imene munthu wina anaika gasiketi ya hedi chotembenuza, mpaka oyilo osafika pamwamba ndipo kamushafuti inauma. Mwini galimoto anakana kulipira hedi ina, tinakangana mpaka ndinanyamula zida zanga. Uzani mnyamatayo aziyang'ana mawu awa pagasiketi asanaike: `TOP` kapena `FRONT`.

Mwini galaja: Zikomo, koma hedi sitinafikeko. Nkhani ili pansi, pa mawasha, ndipo mawashawo alibe cholembedwa chilichonse.

Mayi wogulitsa zipangizo: Ine chenjezo langa ndi lina. Chojambula chimodzi chimatha kuimira mitundu ingapo ya injini imodzi, ndiye nambala imodzi ya pachithunzi imakhala ndi mizere iwiri kapena itatu pa mndandanda, malinga ndi nambala ya injini, komanso mawasha ena ndi onenepa kuposa a muyezo woyamba. Ophunzira ambiri amawerenga mzere woyamba basi. Onaninso kuti amene anaikawo ndi a muyezo uti musanamangenso kapu, ndipo muone ngati mivi ya pamakapu onse ikuloza kutsogolo.

Mkulu wa mathirakitala: Mizere itatu pa nambala imodzi, ndiye mukuti mwana asasokonezeke? Akanamasula yekha injiniyo akanaona nkhope yowala ya washa wakale, n'kudziwa mbali imene imakhuzana ndi shafuti. Kodi anamasula ndani, ndipo mawasha akalewo ali kuti?

Makaniko wa timagalimoto: Pamenepo mkuluyu wafunsa bwino. Ngati akalewo sanatayidwe, musamuuze kanthu, mungomupatsa m'manja kuti anene yekha mbali yoyang'ana shafuti. Koma aphunzitsi, ine geji sindiisiya, chifukwa ngati tsaya la shafutiyo linadyeka kale, mawasha a muyezo woyamba sangatseke mpatawo ngakhale atalowa molondola.