Ndithandizeni: p yaying'ono ikakumana ndi d yaying'ono, ndikhulupirire iti?

Anzanga odziwa za ziwerengero, ndikupempha nzeru. Ndikuwerenga kafukufuku wa saikoloje amene Kramer ndi anzake anasindikiza m'magazini ya sayansi ya PNAS mu 2014. Kwa sabata imodzi mu Januwale 2012 anatenga anthu 689,003, ena n'kuwachepetsera nkhani zosangalatsa kapena zokhumudwitsa zimene ankaona pa Facebook, ena n'kukhala magulu oyerekezera, kenako n'kuwerenga mawu amene anthuwo ankalemba.

Pa gulu limene analichepetsera nkhani zosangalatsa, mawu achimwemwe anatsika poyerekeza ndi gulu lake loyerekezera, ndipo alemba P < 0.001. Nditaona zimenezi ndinati basi, nkhani yatha. Koma pambali pake pali d = 0.02, pomwe Cohen ananena kuti ngakhale 0.2 ndi yaying'ono. Ndiye kuti magulu awiriwa akusiyana pang'ono kwambiri poyerekeza ndi mmene anthu amasiyanirana kale m'kalembedwe kawo.

Mmene ndamvera ine, p ikungoonetsa kuti kusiyana kotereku kukanakhala kosowa zikanakhala kuti kusinthako sikunachite kanthu. Sikunena kukula kwake, ndipo anthu akachuluka chonchi imatsika ngakhale pa kanthu kochepetsetsa. Kodi ndamva bwino?

Chimene chandizunguza mutu ndi ichi: olembawo akuvomereza kuti kusinthako n'kochepa, koma akuti pa unyinji wa anthu a pa Facebook n'kofunikabe. Ine mtima ukukana, chifukwa munthu mmodzi sangazindikire n'komwe kuti kalembedwe kake kasintha. Inu mukakumana ndi d yotere, mumayang'ana chiyani kuti munene kuti ili ndi ntchito? Mawa ndikafotokozere anzanga m'kalasi.