Ndiyankhule chiyani kwa atsikana anga a pa saluni potseka chaka?

Moni nonse. Ndili ndi saluni ku Ulongwe, antchito anayi: oluka atatu ndi mmodzi wotsuka ndi kupaka mankhwala. Pa 31 Disembala tikatseka ndikufuna tidyere limodzi, ndiwathokoze, nditchulenso za chaka chamawa. Pamwezi timapeza mametikali 39,000, ine ndikufuna tifike 52,000. Komanso mmodzi amatengera makasitomala kunyumba kwake. Ndizinene zonsezi pamenepo?

Mayi wa saluni ku Moatize: Achemwali, 52,000 musaitchule. Mtsikana akamva ndalama yotere amangoti bwana akufuna kulemera. Iphwanyeni. Ngati mutu umodzi ndi 500 ndipo mumatsegula masiku 26, ndiye kuti pano mukugwira mitu itatu patsiku. Cholinga chanu ndi mitu inayi, basi. Nenani choncho, ndipo muwauze kuti pa mutu wachinayiwo aliyense adyapo zingati. Apo bii, cholingacho ndi chanu nokha.

Pothokoza, tchulani munthu ndi dzina komanso chimene anachita: uyu analuka mpaka usiku tsiku la ukwati uja, uyu salakwitsa nthawi ya mankhwala ndipo sanawotchepo munthu m'mutu. Wotsukayo muyambire iye, poti makasitomala amayamika oluka okha.

Bambo wometa ku Zobwe: Zolankhula sizidyedwa. Apatseni envulopu, mwamaliza.

Mayi wa ku Moatize: Envulopu inde, achimwene, koma iperekedwe pomaliza. Mukayamba nayo, aliyense maganizo ali pa kuwerenga.

Mtsikana woluka: Ine ndinagwirapo pena pake, bwana anatiitanira nkhuku ndi mpunga kenaka n'kuyamba kuwerengera meshi yosowa pamaso pa tonse. Chakudya chinatsala m'mbale, awiri sitinabwerere mu Januwale. Wotenga makasitomalayo muitaneni payekha, tsiku lina.

Mayi wina: Pepani, saluniyo ili mbali iti? Ndikufuna kuluka lisanafike tsiku la Khirisimasi.

Mwini funso: Bwerani kumbali amayi. Koma asisi oluka, anzakewo nkhaniyi akuidziwa. Ndikakhala chete saona ngati ndavomereza?

Mtsikana woluka: Ikani ngati lamulo la onse, osaloza munthu. Komabe dzifunseni chifukwa chake. Ngati pa 500 iye amalandira 100, kunyumba sasiya.

Mayi wa ku Moatize: Apa ine ndikusiyana nanu. Pa anthu anayi palibe lamulo la onse, aliyense angotembenukira kwa iye. Chinanso achemwali, kwanu ku Angonia Januwale ndi Febuluwale ndalama zimathera ku sukulu ndi kumunda. Mukayamba kuwerenga mitu inayi nthawi imeneyo, cholinga chifa mwezi woyamba. Auzeni kuti muyamba kuwerenga mu Meyi, anthu akakolola, ndipo mukhale ndi kope lolemba mitu ya tsiku lililonse.

Mwini funso: Za Meyi ndatenga. Za lamulolo ndikadaganiza. Pakali pano oluka amalandira 150 pa mutu, yachepa kodi?