Moni wa malume wagona osayankhidwa, ndiwapepese bwanji?

Nachisale wa ku Chitakale: Abale ndithandizeni. Malume anga a ku Luchenza, amenenso ndi ankhoswe anga, anandilembera pa WhatsApp dzulo 7 koloko m'mawa kuti "Mwadzuka bwanji kumeneko?" Basi, osawonjezera kanthu. Ndinatsegula ndili pa ntchito, ndiye mpaka pano sindinayankhe. Ndilembe chiyani chachifupi koma chaulemu?

Mnyamata wa pa Limbuli: Ingonenani kuti netiweki inavuta achemwali. Kuno m'mphepete mwa phiri aliyense amadziwa kuti imathawathawa.

Bambo a Pemphero: Ayi achimwene, pamenepo muwagwetsera m'mavuto. Anena kale kuti anatsegula. Meseji ikangochoka pa foni ya wotumiza pamaoneka tiki imodzi yotuwa, ikafika kwa inu ziwiri zotuwa, mukaitsegula ziwirizo zimasanduka za buluu. Malume akadina mesejiyo n'kusankha Info aona ola limene inafika ndi limene munawerenga. Nkhani ya netiweki kapena kutha kwa batire imamveka pokhapokha ngati kwa iwo kunakhala tiki imodzi tsiku lonse. Ndiye chifukwa chimene mupereke chigwirizane ndi zimene foni yawo ikuonetsa.

Kalembedwe kake nkotere. Yambani ndi moni wa nthawi imene mukulembayo, osati wa dzulo. Kulemba "ndadzuka bwino" 2 koloko masana a tsiku linzake kumaoneka ngati simunaone n'komwe kuti mwachedwa. Kenako pepani mmodzi, chifukwa chimodzi, n'kumaliza ndi kuwafunsa za kwawo:

"Mwaswera bwanji malume? Pepani kwambiri, uthenga wanu ndinauona dzulo ndili pa ntchito, ndiye ndachedwa kuyankha. Ife kuno tili bwino, kaya inu ndi azakhali kumeneko?"

Musatalikitse kuposa apa. Mukayamba kundandalika zifukwa zitatu, ntchito, mwana, magetsi, munthu amayamba kukayikira zonse, ndipo mumamupatsa ntchito yoti akutonthozeni pamene wodikira anali iyeyo.

Mayi a Chisomo, Bvumbwe: Bambo a Pemphero anena bwino, koma pali chimene asiya. Munthu wamkulu akapereka moni wokhawokha n'kukhala chete, kawirikawiri amakhala ali ndi nkhani. Sangayambe kunena za matenda, maliro kapena msonkhano wa pabanja musanavomere moni, monga mmene mlendo amayambira wakhala pansi asanafotokoze chimene wadzera. Ndiye tsiku limene ladutsali mwina lachedwetsa nkhaniyo. Onjezerani mzere umodzi kumapeto: "Ngati panali mawu ndili pompano, kapena ndikuimbireni?" Musalembe kuti "mumafuna chiyani?" Kwa malume limenelo ndi funso lamwano, ngakhale mutayamba ndi pepani.

Chinanso, musatumize kachithunzi ka manja opemphera kokha, kapena "pepan" wodula ngati mukulembera mnzanu wa kusukulu. Lembani mawu onse.

Che Jafali: Ine wanga sanandiyankhe masiku anayi koma sitetasi akuika tsiku lililonse. Ndimubuloke?

Mayi a Chisomo, Bvumbwe: Che Jafali, lanulo ndi funso lina, liikeni palokha. Koma mwakumbutsa chinthu. Nachisale, ngati munaika sitetasi dzulo ndipo malume anaiona, musanene kuti foni simunaigwire.

Aphunzitsi opuma a ku Thyolo: Kwa ine kulemba sikukwanira. Ankhoswe si munthu womupepesa ndi zala. Imbani foni, mphindi ziwiri zokha, amve mawu anu. Ndipo nenani kuti "mundikhululukire", chifukwa "pepani" timanena ngakhale tikaponda munthu mu minibasi.

Bambo a Pemphero: Aphunzitsi, pa kuimba ndikugwirizana nanu ngati malumewo savutika kulandira foni masana. Koma "mundikhululukire" ndi wolemera pa moni wa tsiku limodzi. Akhoza kudabwa kuti kodi pali mlandu wina umene sakuudziwa. Mawu amenewo asungireni tsiku limene mwalephera kufika pa mwambo umene anakuitanirani.

Aphunzitsi opuma a ku Thyolo: Pamenepo tisiyana. Ulemu sunachulukepo kwa mwini mbumba.

Nachisale wa ku Chitakale: Zikomo nonse. Mayunitsi oimbira ndilibe, ndili ndi bandulo ya WhatsApp yokha. Nanga nditawajambulira mawu?

Mayi a Chisomo, Bvumbwe: Jambulani, koma asapitirire theka la mphindi, ndipo mukhale pamalo opanda phokoso. Yambani mwatumiza meseji yolemba ija, mawuwo abwere pambuyo. Ngati bandulo yawo yatsala pang'ono kapena netiweki ili yofooka, zolemba zimafika msanga pamene mawu amakanika kutsegula. Ndipo tumizani panopa, musadikire madzulo kuti mupeze mawu okoma, chifukwa likafika tsiku lachiwiri chifukwa cha ntchito chija sichidzamvekanso.