Kuchotsa ukwati wausiku mu sikiripiti ya filimu: poyankha funso la wolemba wina

"Malo ojambulira ndawachepetsa monga munalangizira, kuchoka pa 11 kufika pa 6. Koma ukwati wausiku wa anthu 80 ukudyabe bajeti, ndipo ndi pomwe mkwatibwi amadziwira kuti mwamunayo ali ndi mkazi wina. Nditani?"

Achimwene, chomwe nkhani yanu ikufuna pamenepo si ukwati ayi, koma kuti chinsinsi chiululike pamaso pa anthu, mkwatibwi achite manyazi. Manyazi safuna anthu 80. Anthu asanu oyenera akwana: mayi ake, nkhoswe, mlamu ndi anamkungwi awiri.

Sunthirani chochitikacho m'chipinda chovalira mkwatibwi, m'mawa wa tsiku la ukwatilo, m'nyumba yomwe mukujambuliramo kale. Khamulo lizimveka panja, nthungululu ndi nyimbo, zomwe mungatepe padera ndi anthu 10, kenako n'kuziunjika posanja mawu. Mwatero mwachotsa jenereta, magetsi akuluakulu, minibasi ndi chakudya cha anthu 75.

Ngati mdima ukufunikadi, sungani usikuwo koma mkati. Phimbani mawindo ndi nsalu zakuda zokhuthala, mujambule masana. Onetsetsani mpata wapansi pa chitseko ndi pamalata, chifukwa kadzuwa kakalowa kamodzi kokha, woonera wazindikira. Mvetseraninso nkhuku ndi ana akusewera panja, usiku sumveka choncho.

Cholakwika chofala n'chakuti olemba amachotsa chochitikacho n'kupatsa munthu wina mawu ochifotokoza. Pamenepo filimu yafa. Mkazi winayo alowe yekha pakhomo, mwana ali kumbuyo.

Mukatha, fufuzani masamba otsatira. Aliyense wonena kuti "usiku uja kuholo" mumukonze.