Madona akubwera kudzaona pulojekiti, ulendo ndiupange bwanji?

Anzanga a m'mabungwe ndithandizeni maganizo. Madona athu awiri, omwe amatithandiza ndi ndalama za pulojekiti, akubwera mu Febuluwale kudzaona mijigo imene tinakumba ku Mchinji, atera pa KIA Lolemba masana, anyamuka Lachinayi. Ndaganiza kuti Lolemba angogona ku Lilongwe, Lachiwiri tilawire kukapereka moni kwa a DC kenako tizipita kumudzi, koma vuto ndi loti akufuna midzi itatu tsiku limodzi pomwe msewu wafumbi wopita mudzi wachitatu ukangovumbwa ndi mvula ndi matope okhaokha, ndiye galimoto lathu ndi kapikapu kamodzi komwe katopa kale. Tichite hayala Land Cruiser kapena mudziwo tingousiya? Hayala yake amawerengera pa tsiku kapena pa kilomita, nanga mafuta ndi chakudya cha dalaivala zimakhala za ndani?

China, a gulupu akonza magule ndi zolankhula, ndipo mukudziwa zikayamba zija sizitha msanga, pomwe alendowo akufuna kucheza ndi amayi a komiti ya mjigo paokha popanda mafumu. Ndiwauze bwanji a gulupu osawakhumudwitsa? Womasulira akhale wa ofesi yathu kapena wapadera kuti amayi amasuke?