Mafunso anga a "chifukwa chiyani" ana akungokopera m'buku, ndikulakwitsa pati?

Wofunsa: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni. Ndimaphunzitsa sitandade 6. Ndinatenga ndime ya sayansi kuti ndipangepo mafunso a kumvetsa nkhani a magawo atatu aja: ofunsa zimene zalembedwa, ofuna kuti mwana apeze zimene sizinalembedwe, ndi ofuna kuti aweruze. Ndimeyo mutu wake ndi "Mmene zomera zimamwera madzi", ndipo ili ndi ziganizo zisanu ndi chimodzi:

"Mizu imayamwa madzi m'nthaka. Madziwo amakwera m'tsinde mpaka kumasamba. Kunsi kwa masamba kuli timabowo momwe madzi amatulukira ngati nthunzi. Kukatentha kapena kukawomba mphepo madzi amatuluka ambiri. Masamba amafota masana chifukwa madzi otuluka amaposa amene mizu ikubweretsa. Alimi ena amaokera mbande madzulo ndipo amathotholako masamba ena."

Funso langa loyamba linali "Kodi madzi amatulukira pati?" Lachiwiri, "N'chifukwa chiyani masamba amafota masana?" Lachitatu, "Kodi zomera ndi zofunika? Fotokoza." Pochonga ndinapeza kuti lachiwiri pafupifupi onse akhoza, ngakhale mtsikana wina amene amawerenga mojejema. Anangokopera chiganizo chachisanu chonse mpaka mpumiro wake. Lachitatu makope onse akuti "Inde, zimatipatsa chakudya." Sindikudziwa amene wamvetsa ndi amene sanamvetse, ndipo zikundipweteka chifukwa ndinakhalira usiku.

Mphunzitsi wachinyamata: Amayi, ife tinaphunzira kuti chinsinsi chili pa mawu oyambira funso. "Ndani, liti, kuti" ndi gawo loyamba. "Chifukwa chiyani" ndi "bwanji" ndi lachiwiri. "Ukuganiza bwanji" ndi lachitatu. Ndiye mafunso anu ali bwinobwino, mwina ana anuwo ndi anzeru basi.

Mphunzitsi wopuma pantchito: Achimwene, mawu oyambirawo amathandiza pang'ono, koma ndi omwewo amene awasocheretsa mayiwa. Gawo la funso timalidziwira pa kumene yankho lili. Amayi, tengani funso lanu lachiwiri muloze yankho lake ndi chala. Chala chikugwera pa chiganizo chachisanu, ndipo mawu oti "chifukwa" wolemba anakuikirani kale pomwepo. Mwana wangofunafuna mawu oti "amafota masana", wawapeza, wakopera zotsatira. Limenelo ndi funso la gawo loyamba, ngakhale layamba ndi "chifukwa chiyani".

Musanalembe funso lililonse, werengani ndimeyo ndi pensulo m'manja, mukufufuza pamene wolemba wanena chinthu osanena chifukwa chake. M'ndime yanu malo otero ndi chiganizo chomaliza. Akuti alimi amathothola masamba, koma sananene cholinga. Funso likhale: "Kuthothola masamba ena kumaithandiza bwanji mbande yongookera kumene?" Apa chala chimodzi sichikwanira. Mwana ayenera kutenga chiganizo chachitatu, choti madzi amatulukira m'masamba, n'kuchilumikiza ndi chachisanu ndi chimodzi, kenako n'kunena yekha kuti masamba akachepa madzi otayika amachepanso. Mawu amenewo m'buku mulibe, koma zipangizo zake zonse zilimo. Za madzulo n'chimodzimodzi: alumikize ndi chiganizo chachinayi, awonjezere chimene akudziwa kale choti madzulo kumazizirirapo.

Wofunsa: Bambo, ndaona. Ndiye kuti funso langa lachitatu nalonso lili ndi vuto lake?

Mphunzitsi wopuma pantchito: Lili nalo, koma ndi lina. Phimbani ndimeyo ndi dzanja, mufunse mwana wa kalasi ina amene sanaiwerenge ngati zomera ndi zofunika. Ayankha bwinobwino. Funso loyankhika popanda ndime silikuyeza kuwerenga. Taffy Raphael, amene anagawa mafunso m'mitundu inayi potengera kumene yankho limachokera, anasiyanitsa funso limene mwana amayankha ndi za m'mutu mwake zokha ndi limene limafuna za m'mutu pamodzi ndi zimene wolemba wanena. Lanulo ndi la m'mutu mokha.

Funso loweruza limafuna chinthu choti chiweruzidwe, ndiponso muyeso. Yesani ili: "Kodi mutu woti 'Mmene zomera zimamwera madzi' ukuyenerana ndi ndimeyi? Pereka umboni wa m'ndimemo." Mwana wowerenga mosamala aona kuti ziganizo ziwiri zokha n'zimene zikunena za kumwa, zinayi zikukhudza kutaya madzi. Wina anganene kuti mutuwo ukuyenera chifukwa madzi otuluka kumasamba ndi omwe aja analowera kumizu. Onse awiri akhoza, malinga ngati aloza ziganizo.

Mayi wina: Ine ndimangopanga losavuta, lapakatikati ndi lovuta. Lovutalo ndimafunsa dzina la timabowo tija, kuti ndi masitomata. Ochepa okha ndi amene amakhoza.

Mphunzitsi wa sekondale: Amayi, dzinalo m'ndimemu mulibe, ndiye mukuyeza amene analimvapo kwina. Kuvuta kwa funso ndi gawo lake ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndipotu gawo loyamba lingathe kukhala lolimba osachoka m'ndime. Ingosinthani mawu kuti mwana asamangosaka ofanana. M'malo mwa "Kodi madzi amatulukira pati?" funsani kuti "Tchula mbali zitatu za chomera zimene madzi amadutsamo, motsatana." Ayenera kuwerenga ziganizo ziwiri kuti apeze mizu, tsinde, masamba. Katswiri wa maphunziro Thomas Barrett, pa magawo ake asanu a kumvetsa nkhani a mu 1968, ntchito yosonkhanitsa ndi kusanja chonchi anaiika payokha, pakati pa gawo loyamba ndi lija lopeza zosalembedwa.

Koma abambo opuma aja sindikugwirizana nawo kwenikweni pa funso la mutu. Limenelo ndi la phunziro la chilankhulo. Pa sayansi ine ndingafunse: "Mnzako akuti ndi bwino kuthothola masamba onse kuti mbande isataye madzi ngakhale pang'ono. Kodi malangizo akewa ndi abwino?"

Mphunzitsi wopuma pantchito: Ndi funso lokoma, aphunzitsi, koma yankho lake labwino likudalira kudziwa kuti masamba ndiwo amapanga chakudya cha chomera, ndipo ndimeyi sinatchule zimenezo. Ngati anaphunzira kale, lifunseni. Ngati sanaphunzire, mwana wowerenga bwino avomereza mnzakeyo potsatira ndime, inu n'kumulakwitsa.

Mphunzitsi wa sekondale: Sindingamulakwitse. Ndingamupatse malikisi a umboni. Kuweruza kulikonse kumafuna kenakake kochokera kunja kwa ndime, apo ayi tikungobwereza gawo lachiwiri.

Bambo wina: Zonsezi n'zabwino, koma ine kalasi yanga ndi yodzaza mpaka kukhomo. Mayankho otalika chonchi ndichonga mpaka liti? N'chifukwa chake ndimathawira ku mafunso a liwu limodzi.

Mphunzitsi wa sekondale: Funso loweruza likhale limodzi lokha, la malikisi atatu: imodzi ya kunena mbali imene waima, imodzi ya umboni wa m'ndime, imodzi ya kufotokoza mmene umboniwo ukuchirikizira mbaliyo. Lembani ziganizo manambala pa bolodi, ana azilemba nambala ya chiganizo pambali pa yankho. Diso limathamangira pa nambalayo, kuchonga kumafulumira.

Wofunsa: Ndayesa lero ndi funso la kuthothola masamba. Mtsikana uja wakoperanso, ulendo uno chiganizo chachisanu ndi chimodzi, ndiye tsopano ndadziwa pamene ali. Koma mnyamata wina walemba kuti amathothola kuti mbande isalemere n'kugwa ndi mphepo, ndipo waika nambala 4 chifukwa muli mawu oti mphepo. Maganizo ake si opusa, koma si zimene chiganizocho chikunena. Mwa malikisi awiri a funsoli, ndimupatse angati?